Mametikali 6,000 amene anachedwa masiku 48: mmene ndinakumbutsira mwini sitolo ya mbewu ku Ulongwe

Ntchito yanga ndi yomasulira zolemba kuchoka m'Chipwitikizi kupita m'Chichewa, komanso ndimajambula mawu a malonda oulutsa pa wayilesi. Sindinalembedwe ndi kampani iliyonse. Ntchito ikabwera ndimagwira, ikatha ndimadikira ina. Ndimakhala ku Ulongwe, likulu la boma la Angonia, m'chigawo cha Tete. Nkhani iyi ndikulembera anzanga ogwira ntchito paokha, monga ojambula zithunzi pa maukwati, olemba zikwangwani ndi otayipa makalata, chifukwa tonsefe timafika pa tsiku lomwe ntchito yaperekedwa, mwini wake wakondwa, koma foni ili zii.

Mmene ntchito inabwerera

Chakumapeto kwa Seputembala anandiitana bambo wina wachikulire, mwini sitolo yogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda. Makasitomala awo ambiri ndi alimi a chimanga, nyemba ndi mbatatesi ochokera cha ku Domwe ndi ku Tsangano. Vuto lawo linali lakuti malangizo a pa mabotolo a mankhwala amabwera m'Chipwitikizi, pamene alimi ambiri achikulire amawerenga bwino Chichewa chomwe anachizolowera m'Baibulo ndi m'buku la nyimbo. Anafuna timapepala ta masamba 12 tofotokoza kasakanizidwe ka mankhwala ndi kadzitetezedwe popopera, komanso uthenga wa mphindi imodzi wa pa wayilesi ya m'dera lathu.

Tinagwirizana mametikali 500 pa tsamba, kupanga 6,000, ndi ena 3,000 a uthenga wa pa wayilesi. Onse pamodzi 9,000. Anandipatsa 3,000 pamanja tsiku lomwelo, ndipo tinati otsalawo adzabwera pakatha masiku 15 ntchito itaperekedwa. Zonsezi tinakambirana pakamwa, titakhala pa matumba a feteleza kuseri kwa kauntala. Mwayi wanga ndi wakuti madzulo ake ndinawatumizira uthenga pa WhatsApp wobwereza mitengo ndi masikuwo, iwo n'kuyankha kuti "zili bwino choncho aphunzitsi". Amandiitana aphunzitsi chifukwa ndinaphunzitsapo ku pulayimale. Ine ndimawaitana bambo, ndipo tikakumana ndimatchula chiwongo chawo monga timachitira kuno.

Ntchito ndinapereka pa 10 Okotobala. Ndinalemba fatura, chikalata chija chosonyeza ntchito ndi ndalama yofunika kulipidwa, n'kuijambula ndi foni n'kuwatumizira. Tsiku lolipira linali 25 Okotobala. Linafika n'kudutsa.

Uthenga woyamba

Ndinadikira masiku atatu, kenako ndinalemba chonchi:

"Mwaswera bwanji bambo? Ndimangofuna ndikupatseni moni ndi kumva ngati timapepala tija tikuthandiza. Kuno tili bwino, kungoti zinthu zavutirapo pang'ono."

Yankho linabwera pasanathe ola limodzi: "Taswera bwino aphunzitsi. Timapepala anthu atikonda kwambiri. Limbani mtima, Mulungu akuthandizani."

Tsiku limenelo ndinakhumudwa. Ndinkaona ngati amva koma asankha kusamva. Nditauwerenganso uthenga wanga patapita masiku, ndinaona kuti anayankha chilichonse chimene ndinalemba. Ndinapereka moni, anabweza moni. Ndinafunsa za timapepala, anandiuza. Ndinadandaula za mavuto, ananditonthoza. Za ndalama sindinatchule, ndiye akanayankha chiyani? Tinakula tikudziwa kuti kwa munthu wamkulu sufikira pa nkhani, umayamba wazungulira, ndipo iye amamva yekha. Zimenezo zimatheka pamene muli maso ndi maso, chifukwa amaona kuti wakhala pansi, sukunyamuka, moni watha koma udakali pomwepo. Pa foni zonsezo palibe. Munthu amawerenga ali pakati poyeza mbewu, n'kuyankha, n'kuika foni m'thumba.

Uthenga umenewu unandidyera masabata awiri, chifukwa nditaulemba ndinkadziuza kuti ndakumbutsa kale, kukumbutsanso msanga kukhala kusowa khalidwe.

Zimene ndinayamba ndatsimikiza

Ndisanalembenso ndinafuna kudziwa ngati kuchedwaku kunali chifukwa chosakhutira ndi ntchito. Munthu amene sanakhutire umamulembera mosiyana ndi amene wangochedwa. Ndinadutsa pa sitolo tsiku lina ngati wongoyenda, n'kuona timapepala titasindikizidwa, tili pa kauntala, mnyamata wogulitsa akupatsa alimi. Uthenga wa pa wayilesi ndinaumva ndekha madzulo awiri otsatizana. Ntchito inali italandiridwa ndipo inkagwiritsidwa ntchito. Ndinayang'ananso mauthenga onse a M-Pesa ndi a e-Mola m'foni mwanga kuyambira pa 10 Okotobala, chifukwa zinandichitikirapo kale kuti ndalama inabwera kudzera pa nambala ya wachibale wa kasitomala, ine osazindikira dzinalo. Palibe chimene chinalowa. Pomaliza ndinafufuza uthenga uja wa "zili bwino choncho aphunzitsi", kuti manambala amene ndilembe akhale omwewo amene iwo anavomera.

Uthenga wachiwiri

Pa 11 Novembala, cha m'ma 7 koloko m'mawa sitolo isanadzaze, ndinatumiza uwu:

"Bambo, mwadzuka bwanji pamodzi ndi onse kunyumba? Ndikulemba pokukumbutsani za ntchito ya timapepala ta masamba 12 ndi uthenga wa pa wayilesi, imene ndinapereka pa 10 Okotobala. Pa mametikali 9,000 amene tinagwirizana munandipatsa kale 3,000, ndipo ndikuthokoza. Otsala ndi 6,000, amene tinati adzaperekedwa pa 25 Okotobala, koma mpaka lero sanandifike. Mutha kutumiza pa M-Pesa pa nambala yomwe ino. Chonde ndiuzeni tsiku limene mungathe kutero, ndipo ngati pali china chatsekereza ndidziwitseni kuti tikonze limodzi. Zikomo bambo."

Uthenga waufupi chonchi ndinaulemba katatu, ndipo zimene ndinachotsamo ndi zambiri kuposa zimene zinatsala.

Moni ndinausiya wathunthu, wofunsa ndi a kunyumba omwe. Kwa bambo ngati amenewa, uthenga woyamba ndi manambala umamveka ngati kalata ya ku khoti. Koma moni ndinaupatsa chiganizo chimodzi basi, kuti chiganizo chachiwiri chinene kale chimene ndabwerera.

Ndinayamba kutchula 3,000 amene anapereka ndisanatchule 6,000 otsala. Ndinachita dala. Munthu akaona kuti chimene anachita chikukumbukiridwa, sawerenga zotsatirazo ngati akuimbidwa mlandu. Komanso zimatseka mkangano womwe umabuka kawirikawiri, woti "paja ndinakupatsaniko zina".

Mawu amene ndinavutika nawo kwambiri ndi akuti "sanandifike". Poyamba ndinalemba kuti "simunandilipire". Onse awiri ndi oona, koma "sanandifike" likunena za ndalama, "simunandilipire" likuloza chala munthu. Ine sindinkadziwa chimene chinachitika. Mwina anatuma mwana, mwina analakwitsa nambala, mwina anaiwala. "Sanandifike" limapatsa munthu mpata woyankha popanda kuyamba wadziteteza. Pa chifukwa chomwecho sindinalembe liwu lakuti ngongole. Kuno munthu wamkulu, wa udindo ku tchalitchi, ukamutcha wangongole m'malemba, wamunyoza ngakhale zitakhala zoona, ndipo zokambirana zimasanduka za ulemu wake, za ndalama n'kuiwalika.

Ndinachotsamo "pepani pokuvutitsani", amene poyamba ndinamulemba kawiri. Kupepesa chifukwa chofunsa malipiro a ntchito yomwe unagwira kumasandutsa malipirowo kukhala chithandizo, ndipo chithandizo munthu amapereka akafuna. Ndinachotsanso nkhani ya lendi ya nyumba ndi ya feteleza wa m'munda mwanga, ngakhale zinali zoona ndipo zinkandisowetsa tulo. Ukatchula mavuto ako, mnzako amayerekeza ndi ake, ndipo mwini sitolo m'mwezi wa Novembala amakhala ndi ambiri okuposa. Chifukwa cholipirira ndi ntchito imene inaperekedwa ndi tsiku limene tinagwirizana.

Manambala ndinalemba onse m'zilembo za manambala, ndi liwu lakuti mametikali. Chichokereni 2006, pamene ndalama yathu inachotsedwa maziro atatu, achikulire ena amawerengabe mwakale, ndipo 1,000 amati miliyoni. Kuwonjeza apo tili pafupi ndi malire a Dedza, komwe kwacha imayendanso m'manja mwa anthu. Kungoti "sikisi uja" kumasiya mpata wa kusamvana.

Funso la kumapeto ndilo mtima wa uthengawu. Sindinati "nditumizireni lero", chifukwa munthu amene alibe ndalama lero sangayankhe, amangokhala chete. Ndinapempha tsiku. Tsiku aliyense angathe kupereka, ndipo akalitchula yekha, chikumbutso chotsatira chimakhala cha mawu ake, osati anga.

Masiku anayi a chete

Timizere tiwiri tinasanduka ta buluu m'mawa womwewo. Yankho silinabwere tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Apa ndi pamene ndinatsala pang'ono kuwononga zonse. Mnzanga wina wojambula zithunzi anandiuza kuti ndipite ku sitolo nthawi ya masana makasitomala atadzaza, ndikafunse mokweza. Mlamu wanga anati akauze abusa a mpingo wawo. Njira zonse ziwirizi zimabweretsadi ndalama nthawi zina, ndinazionapo. Koma Ulongwe ndi tauni yaing'ono. Eni masitolo amadziwana, amakwera galimoto imodzi popita kukaoda katundu. Ukachititsa mmodzi manyazi pagulu, ena onse amamva kuti womasulira uja ndi wa phokoso. Ndiponso ndinali ndisanamve mbali yawo ngakhale kamodzi.

Ndinasankha kuimba foni, pa tsiku lachinayi, madzulo atatseka sitolo. Sindinalembenso uthenga wina chifukwa mauthenga awiri otsatizana osayankhidwa amaunjikana ngati milandu, ndipo munthu amachita manyazi kwambiri kuyankha wachitatu. Titapatsana moni ndinati, "Bambo, ndaimba chifukwa cha uthenga uja wa ndalama zotsala. Ndimafuna ndimve kwa inu ngati unafika bwino."

Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Aphunzitsi, ndachita manyazi. Ine ndimayesa kuti mwana uja anakulipirani kalekale."

Chimene chinapezeka

Zinadziwika kuti ndalama za sitolo sazigwira iwo okha. Mabuku amasunga ndi mwana wawo wamkazi, amene amakhala mu mzinda wa Tete ndipo amabwera ku Ulongwe kamodzi kapena kawiri pa mwezi. Ndalama ina iliyonse yokulirapo imatuluka iye akavomereza. Chithunzi cha fatura yanga bambowa anamutumizira tsiku lomwe ndinawapatsa. Iye anaiika pambali chifukwa inali ndi zolakwika ziwiri: ndinalemba dzina la bambo ake m'malo mwa dzina limene sitolo inalembetsa ku boma, ndipo sindinaikepo NUIT ya sitolo, nambala ija ya msonkho ya manambala 9. Pepala lotero sakanaliika m'mabuku a bizinesi. Anauza bambo ake kuti andipemphe ina, iwo n'kuiwala pakati pa chipwirikiti cha mbewu. Atawerenga uthenga wanga wachiwiri anafunsa mwanayo, n'kuzindikira kuti cholakwa china chinali chawo, ndipo masiku anayi aja ankasowa poyambira.

Choncho kwa masabata pafupifupi atatu ndinkakumbutsa munthu amene sanali wotulutsa ndalama, pa pepala limene silikanalipidwa. Ndikanalemba "simunandilipire", kapena ndikanapita kukakuwa ku sitolo, sindikukhulupirira kuti akanandiuza zimenezi momasuka chonchi.

Panali ndi chachiwiri, chimene anachinena monyinyirika. Mvula yoyamba inali pafupi, ndalama zonse zinali zitapita kokaoda feteleza ndi mbewu, ndipo alimi ena odziwika anatenga katundu kuti adzalipira akakolola. Ngakhale fatura ikanakhala yabwino, 6,000 wa nthawi imodzi ukanawavuta sabata imeneyo. Ndinawakhulupirira, chifukwa ndinaona ndekha matumba atafika kudenga.

Kugawa ndalama, ndi kulemba kwa munthu woyenera

Ndinawapempha chilolezo cholankhula ndi mwana wawoyo mwachindunji. Sindikanamulembera popanda iwo kudziwa, kukanakhala kuwadumpha. Anandipatsa nambala. M'mawa mwake ndinalemba fatura yatsopano ndi dzina la sitolo ndi NUIT zonse ziwiri, yanga ndi yawo, n'kuitumiza ngati PDF m'malo mwa chithunzi. Kwa achemwaliwo ndinalemba m'Chipwitikizi, chifukwa ndicho amagwirira ntchito, ndipo moni unali waufupi kuposa wa bambo awo. Anayankha tsiku lomwelo kuti angathe kupereka 3,000 pa 20 Novembala ndi 3,000 wina pa 5 Disembala.

Ndinavomera. Anzanga ena amakana kugawiridwa, amati ndi njira yokuzengereza. Nthawi zina ndi choncho. Chimene ndimayang'ana ine ndi ngati gawo loyamba lili pafupi komanso ngati masiku atchulidwa ndi iwo eni. Apa gawo loyamba linali pasanathe sabata. Ndinabwereza mgwirizanowu m'malemba kwa onse awiri, bambo m'Chichewa, mwana m'Chipwitikizi, kuti wina asadzayesenso kuti mnzake wachita.

Pa 20 Novembala 3,000 analowa madzulo. Ndinathokoza nthawi yomweyo, n'kutumiza lisiti, ndi kulemba kuti otsala ndi 3,000 pa 5 Disembala. Kuthokoza kumeneku kumagwiranso ntchito ya chikumbutso popanda wina kumva kuwawa.

Pa 5 Disembala sipanabwere kanthu. Ulendo uno sindinadikire masabata awiri. Mawa lake m'mawa ndinalembera achemwaliwo kuti dzulo linali tsiku la gawo lomaliza la 3,000 monga ananenera, kuti silinandifike, ndi kufunsa ngati lingatheke sabata yomweyo. Anatumiza 2,000 madzulo ake ndi kupepesa, n'kunena kuti 1,000 abwera.

Ntchito yatsopano isanathe yakale

Patapita masiku awiri bambo aja anandiimbira okha. Chimanga chinali chitamera, alimi ayamba kufunsa za mbozi, ndipo ankafuna uthenga wina wa pa wayilesi mwamsanga. Ndinkaifuna ntchitoyo. Koma ndinadziwa kuti ndikaiyamba, 1,000 uja alowa m'ntchito yatsopano, adzatchulidwa pamodzi ndi ndalama zina, kenako adzasowa. Ndalama yaing'ono yotsalira ndi imene imatayika kawirikawiri, chifukwa umachita manyazi kuilondola. Ndinati, "Bambo, ndine wokonzeka, ndipo mawu ndingayambe kulemba mawa. Tingotseka kaye buku lakale, kwatsala 1,000, kuti latsopanoli tiliyambe loyera." Anaseka, n'kuti, "Mwanena zoona aphunzitsi, mlandu suwola."

Pa 12 Disembala mnyamata wa ku sitolo anabwera kunyumba ndi 1,000 pamanja. Kuchokera pa 25 Okotobala anali masiku 48. Mwa masiku amenewo, 17 oyambirira anatayika pakati pa kudikira kwanga ndi uthenga wosatchula ndalama, ndipo fatura yolakwika inali pa foni ya achemwali aja kuyambira pa 10 Okotobala. Ndikanafunsa tsiku loyamba lija, titakhala pa matumba a feteleza, kuti "kodi ndalama amatulutsa ndani, ndipo pa fatura ndilembe dzina liti", mwina gawo loyamba likanabwera katundu wa dzinja asanaodedwe.

Sindikunena kuti uthenga wolembedwa bwino umabweretsa ndalama kwa aliyense. Bambo awa sankafuna kundibera, ndipo n'chifukwa chake njira yofatsa inagwira. Zizindikiro zake zinalipo: ankayankha foni, anafotokoza chifukwa chimene ndikanatha kuchitsimikiza, ndipo gawo loyamba linabwera pa tsiku lake. Munthu amene amatchula masiku atatu osiyana osapereka ngakhale pang'ono, kapena amene amayamba kupeza zolakwika m'ntchito imene wakhala akuigwiritsa kwa mwezi, ameneyo uthenga wachinayi waulemu sumusuntha, pamafunika mboni ndi kalata yosainidwa.

Uthenga wa mbozi ndinaujambula sabata yomweyo. Mtengo unali 3,000, theka poyamba, theka pa tsiku lopereka. Fatura ndinatumiza kwa achemwali aja ndisanayatse chojambulira, iwo n'kuyankha kuti ili bwino. Theka lomaliza linalowa mnyamata uja asanafike ndi mawuwo ku wayilesi.